Lipoti langa la makompyuta a bodi sakulimva, ndilembe bwanji?

Wamawaya:
Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndimagwira ntchito ya makompyuta ku SACCO ina, ndipo chaka chino tikusamutsa maakaunti a mamembala kuchoka m'pulogalamu yakale kupita m'yatsopano. Miyezi itatu iliyonse ndimalemba lipoti lopita ku bodi. M'bodimo muli anthu 9, ena aphunzitsi opuma, wina mbusa, wina mayi wa golosale. Wa makompyuta palibe. Pamsonkhano wapitawu tsamba loyamba ndinalemba chonchi:

```
UAT: 42/50 passed
Uptime (Sept): 99.5%
RPO 24h / RTO 4h
API integration: pending
```

Wapampando anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi kolala ya malaya, kenako n'kundifunsa kuti, "Ndiye mwana wanga, zikuyenda kapena sizikuyenda?" Ndinachita manyazi. Amanijala akuti ndilembenso pofika Lachinayi, zilembo zachidulezi zichoke. Ndayesa kuzitambasula m'mawu athunthu, koma zangotalika, kumveka ayi. Ena mumatani?

Che Jafali wa ku Mangochi:
Achimwene, musavutike. Manambala onsewo chotsani, akuluakulu safuna masamu. Ikani mitundu itatu basi: wobiriwira zili bwino, wachikasu samalani, wofiira zavuta. Kumapeto ikani tsamba lomasulira zilembozo, wofuna akawerenge yekha.

Nabanda:
Che Jafali, mitunduyo ndi yabwino, koma manambala asachoke. Ndakhala mlembi wa bodi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo tsamba lomasulira la kumapeto sindinaonepo munthu akulitsegula msonkhano uli mkati.

Inu a Wamawaya, kutambasula zilembo sikunathandize chifukwa vuto silili pa kufupika kwa mawu. Mzere uliwonse pamenepo ukuyankha funso la katswiri mnzanu, pomwe a bodi ali ndi mafunso awoawo: ndalama za mamembala zili pabwino? Titha liti? Mukufuna tigamule chiyani lero?

Tiyambe ndi woyambawo. Mphunzitsi wopuma akaona 42 pa 50 aganiza za mayeso, aona kuti mwana wakhoza ndi 84 peresenti, aomba m'manja. Koma zisanu ndi zitatu zalepherazo ndi ziti? Ngati ndi chizindikiro cha SACCO chopendama pa lisiti, palibe nkhani. Ngati pakati pake pali kuwerengera chiwongoladzanja cha ngongole, ndiye pulogalamuyo siingayambe ntchito ngakhale itakhoza 49. Tiuzeni kaye zimenezo.

Wamawaya:
Mayi, mwalasa pomwepo. Zisanu ndi zazing'ono, za maonekedwe a malisiti ndi malipoti. Koma zitatu ndi za ngongole: munthu akabweza tsiku lake lisanakwane, pulogalamu ikumuwerengera chiwongoladzanja cha mwezi wonse.

Nabanda:
Ndiye nkhani yanu ndi imeneyo, ndipo munaibisa m'kati mwa zilembo zitatu osadziwa. Ine ndikanalemba kuti: "Ogwira ntchito pakauntala ayesa pulogalamu yatsopano pa ntchito 50 zimene amachita tsiku ndi tsiku. Yachita bwino pa 42. Pa zotsalazo, zitatu zikukhudza ndalama za mamembala, chifukwa ikulipiritsa mopitirira amene abweza ngongole msanga. Sitiyamba kuigwiritsa ntchito mpaka zitatuzi zitakonzedwa ndi kuyesedwanso."

Mzere wachiwiriwo ndiwo umanyenga kwambiri. Seputembala ali ndi masiku 30, ndiye maola 720. 99.5 ija ikutanthauza kuti zipangizo zinazima theka la peresenti la maola amenewo, ndiye maola 3 ndi mphindi 36. Lembani nthawiyo, osati 99.5. Ndipo nenani kuti zinazima liti. Usiku wa Lamlungu palibe amene anamva. Koma ngati munali m'mawa wa tsiku la malipiro, mzere utafika panja, a bodi anamva kale madandaulo kutchalitchi ndi kumsika, ndipo akaona 99.5 aganiza kuti mukuwapaka phula m'maso.

Mlimi wa Tomato:
Ine ndimati malipoti onsewa azilembedwa m'Chichewa basi. Kwathu ku komiti ya madzi anjiniya anabwera ndi pepala lodzaza zilembo, amfumu anangolipinda n'kuika m'thumba la jekete. Bwanji osangomasulira lonse?

aPhiri Akaunti:
Bambo a tomato, chilankhulo ndi nkhani ina. Mutamasulira mawu ndi mawu mupeza Chichewa chosamveka chimodzimodzi. Komanso ine sindikugwirizana ndi zochotsa zilembo zonse. Ndine wowerengera ndalama. SACCO imayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo pali mawu ena amene a bodi akumana nawo ndithu m'makalata ndi m'mapangano. Ngati pangano lanu ndi kampani yogulitsa pulogalamu likuti gawo lomaliza la ndalama lilipidwe UAT ikasainidwa, msungichuma wa bodi ayenera kulidziwa liwulo. Apo ayi adzasaina cheke osadziwa kuti chikugwirizana ndi zitatu zija. Nenani tanthauzo poyamba, kenako muwonjezere kamodzi kuti m'pangano muja amazitchula UAT. Koma API ichoke, a bodi sadzaisaina paliponse. Ingolembani kuti mamembala sanayambe kubweza ngongole pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, mukudikira chakuti, ndipo mukuyembekeza tsiku lakuti. Liwu loti pending lopanda tsiku ndi dzina la amene akugwira ntchitoyo silinena kanthu.

Nabanda:
Pa UAT ndavomera, a Phiri, koma likhale limodzi lomwelo. Mukayamba kusunga awiri atatu, tsamba lidzazanso.

Wamawaya:
Zikomo nonse. Kuzima kuja kunalidi pa 28, m'mawa, ndilemba momwemo. Watsala mzere wachitatu. Ndalemba kuti: "Deta ya mamembala ndi yotetezedwa, timasunga kope tsiku lililonse." Zili bwino?

Kadzidzi:
Ayi achimwene, pamenepo mwapeputsa mpaka mwanama. Inenso ntchito yanga ndi ya maseva. RPO 24h ikunena kuti kope mumatenga kamodzi pa tsiku, mwina usiku. Seva ikapsa 3 koloko masana, zonse zimene makalaliki alowetsa kuyambira m'mawa zapita, muyenera kuzilowetsanso kuchokera pa malisiti a pepala. Liwu loti "yotetezedwa" likulonjeza zimene manambala anu sakulonjeza. Ndipo RTO 4h ija, munayesapo kubwezeretsa kope pa makina ena mukuyang'ana wotchi? Kapena ndi nambala yongokhala m'pangano?

Wamawaya:
Kunena zoona sitinayesepo.

Kadzidzi:
Ndiye lembani kuti: "Seva itawonongeka, tikhoza kutaya zolowetsa za tsiku limodzi, zimene tingazilembenso kuchokera pa malisiti. Cholinga chathu n'kuyambiranso ntchito pasanathe maola 4, koma sitinayese ngati n'zotheka." Kenako pemphani Loweruka limodzi loyesera. Pamenepo a bodi ali ndi choti agamule.

Che Jafali wa ku Mangochi:
Koma inu, mawu oti "tikhoza kutaya" pamaso pa abusa ndi mayi wa golosale? Mawa lake mumva kumsika kuti SACCO ikutaya ndalama za anthu.

Nabanda:
Nkhawa imeneyo ndi yoona. Nenani momveka kuti chotayika ndi zolemba za m'kompyuta, ndalama zili kubanki ndi m'sefa. Musanatumize, mupatse mnzanu wa pakauntala awerenge kamodzi, mutenge pepalalo, ndiye akuuzeni ndi pakamwa pake zimene wamva. Akanena kuti ndalama zitayika, chiganizocho chibwerere pa tebulo.

Wamawaya:
Ndampatsa mlongo wina wa pakauntala. Za ngongole ndi za pa 28 wazinena bwinobwino. Koma amanijala awona mawu oti "sitinayese" ndipo akuti achoke, ati a bodi afunsa chifukwa chake sitinayese chaka chonsechi. Ine ndikufuna akhale. Tikambirananso mawa 8 koloko, lipoti lisanapite kosindikiza.