Imelo yokumbutsa ngongole kwa kasitomala wochezeka: emoji ndi mfuuliro ndizichotse?

Tadala M.: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ntchito yanga ndi yolemberana ndi makasitomala, ndipo maimelo athu ambiri ndi a Chingerezi. Pali kasitomala wina, mayi ansangala kwambiri, amene imelo yawo siyitha popanda mifuuliro iwiri itatu ndi ka emoji komwetulira kumapeto. Nanenso ndakhala ndikuwayankha chimodzimodzi, ndipo timamvana bwino. Tsopano invoisi yawo yapitirira masiku 30 amene tinagwirizana, ndipo abwana akuti ndiwakumbutse, abwanawo ndiwaike pa CC. Abwanawo emoji salemba, ngakhale `don't` salemba, amalemba `do not`. Ndikalemba mouma mayi aja aganiza kuti ndawakwiyira. Ndikalemba monga mwa masiku onse ndikuopa kuti ziwoneka ngati nthabwala. Nditani?

Mphatso K.: Apa palibe chovuta achemwali. Mumatsanzira kalembedwe ka munthu amene mukulemberana naye. Akaika emoji inunso ikani, akapanda kuika inunso musaike. Mayiwo anayamba okha, ndiye pitirizani basi.

Mayi Nabanda: A Mphatso, zimenezo ndi zoona pa maimelo a tsiku ndi tsiku, koma pa iyi sizikwanira. Imelo ya ngongole sawerenga munthu mmodzi. Mayiwo akangoilandira akanikiza Forward kupita kwa owerengera ndalama kuofesi kwawo, anthu amene Tadala sakumudziwa ndipo sanasekepo naye. Zinthu zikadzavuta, imelo yomweyo ndi imene idzatulutsidwe ngati umboni woti munakumbutsa. Ndiye usanatsanzire kalembedwe ka munthu, uzidzifunsa kuti imeloyi ikathera m'manja mwa yani.

Tadala mwana wanga, usaganize za imelo yonse ngati chinthu chimodzi. Uione chiganizo ndi chiganizo. Mfuuliro umakulitsa chilichonse chimene wakhalapo. Ukauika pa moni kapena pa kuthokoza umakulitsa chisangalalo. Ukauika pa ndalama, pa tsiku lomaliza kapena pa pempho umakulitsa ukali. "Zikomo chifukwa cha oda ya mwezi watha!" ikumveka bwino. "Invoisi yanu yapitirira nthawi!" ikumveka ngati ukuwakalipira, ngakhale iwe umafuna kufewetsa. Choncho ngati ukuufuna, ika umodzi wokha pa chiganizo choyamba chothokoza. Ziganizo zimene zili ndi nambala ya invoisi, kuchuluka kwa ndalama ndi tsiku limene ukupempha kuti alipire zithe ndi mpumiro.

Emoji yokha m'imelo iyi usaikemo. Nkhope yomwetulira ikatsatana ndi chiganizo cha ngongole, wina amaiwerenga kuti "musadandaule, sizachangu", wina amaiwerenga ngati chipongwe, ndipo zonse ziwiri sizikuthandiza. Ubwenzi uja uuike m'mawu. Unene kuti mwina invoisiyo inangosokonekera pakati pa maimelo ena, waiphatikizanso, ndipo ngati pali vuto akuuze kuti muone chochita.

Gift: Ine zofupikitsa mawu ndimadana nazo zedi. Munthu wamkulu kumalemba `pls`, `thx`, `u` pa imelo ya kuntchito? Imeneyo ndi ya pa WhatsApp. Lembani mawu onse.

Mayi Nabanda: A Gift, zimene mwatchulazo zisalowedi, koma Tadala akufunsa zina, zofupikitsa za nkhodolero monga `I'm`, `we'll`, `don't`. Zimenezi ndi Chingerezi cholondola, monga mmene ife timalembera "m'nyumba" kapena "n'zotheka" popanda wotinena. Ndipo kuzichotsa zonse kuli ndi vuto lake. Munthu amene wazolowera kukuwerenga ukulemba `we haven't received` akaona `we have not received` amamva ngati loya walowapo. M'chikumbutso choyamba ine ndimasiya `I'm`, `we'll` ndi `I've` mmene zilili. Mawu athunthu ndimawasungira kalata yochenjeza, mgwirizano, kapena chiganizo chimodzi chimene sindikufuna kuti munthu achiwerenge molakwika.

Pa chomalizachi pali chifukwa china chosakhudza ulemu. Malangizo a kalembedwe a GOV.UK, tsamba la boma la Britain, amaletsa zofupikitsa zokana monga `can't` ndi `don't`, amati kulembedwe `cannot`, chifukwa anthu ambiri zimawavuta kuwerenga, ena mpaka amamva zosemphana ndi zimene zalembedwa. Munthu akuwerenga mothamanga pafoni, `can` ndi `can't` zimasiyana pang'ono kwambiri. Ndiye ngati m'imelomo muli chiganizo choti simungatumize katundu wina asanalipire, pamenepo lemba `cannot`.

Chikondi B.: Nkhani ya emoji isapeputsidwe. Mu 2023 khoti la ku Saskatchewan, ku Canada, linagamula kuti mlimi amene anayankha 👍 atatumiziridwa chithunzi cha mgwirizano wogulitsa mbewu ya fulakisi anali atavomera mgwirizanowo. Iye ankati chala chija chimangotanthauza kuti uthenga waulandira, koma woweruza anaona kuti m'mbuyomo ankavomera migwirizano ina ndi mayankho afupiafupi otero. Popeza sanapereke fulakisiyo, analamulidwa kulipira ndalama zoposa madola 82,000 a ku Canada. Unali uthenga wa pafoni, osati imelo, komabe a Tadala, mayiwo akadzayankha kuti alipira theka mwezi wamawa, inu musadzayankhe ndi 👍. Mudzalembe ngati mwavomera kapena mwangolandira uthengawo.

Yamikani: Ine yanga ndi ina. Kwa nthawi yaitali ndinkalandira maimelo kuchokera kwa mnzanga wina wa kuntchito othera ndi chilembo J, ndikumadabwa kuti J ameneyu ndi ndani poti dzina lake siliyamba ndi J. Kunali kumwetulira. Outlook yakale inkasintha `:)` kukhala nkhope ya mu fonti ya Wingdings, ndiye pafoni yanga, yopanda fontiyo, inkaoneka J. Mpaka pano emoji imodzi siyioneka chimodzimodzi pa iPhone, pa Samsung ndi pakompyuta.

Mphatso K.: Mayi Nabanda, za Forward ndamva, koma pa emoji sindikuvomerabe. Munthu mwakhala mukumwetulirana naye miyezi yonseyi, lero mwadzidzidzi imelo youma, bwana ali pa CC. Kusinthako pakokha ndi uthenga, ndipo ndi waukali kuposa mfuuliro. Mayiwo aona ngati mwawatengera kubwalo.

Mayi Nabanda: Pamenepo mwalasa, koma choopsezacho ndi CC, osati kusowa kwa ka nkhope. Ndikanakhala ine, ndikanapempha abwana kuti chikumbutso choyamba chipite popanda iwo, ndiwatumizire pambali kuti aone, adzalowe pa chachiwiri. Akakana, ndikanayamba ndawaimbira mayiwo kuwauza kuti kukubwera imelo ya invoisi, ndi dongosolo la kuofesi chabe. Kusekako kukachitikire pafoni.

Tadala M.: Zikomo nonse. Ndalemba chonchi: mfuuliro umodzi pa kuthokoza, `I've attached` ndaisiya, chiganizo cha tsiku lolipira chatha ndi mpumiro, emoji mulibe. Abwana akana zochoka pa CC, ndiye ndiimba kaye foni. Chatsala ndi ichi: mayiwo akayankha kuti alipira mawa, ndi emoji zawo zija, abwana ali pomwepo, ine ndibwerere ku kalembedwe kathu kakale kapena ndidikire ndalama zilowe?

Chikondi B.: Dikirani zilowe.

Mphatso K.: Ayi, kamodzi komwetulira pa "zikomo" sikangaphe munthu. Koma kanikizani Reply, osati Reply All.

Tadala M.: Abwana akapeza kuti ndawachotsa pa CC ndekha, imeneyo ndiye ikhala nkhani ina, achimwene.