Fomu ya mjigo atibwezera

Mlembi: Abale, anthu aja analonjeza kutithandiza mjigo wachiwiri atibwezera fomu. Pa cholinga tinalemba kuti "kutukula miyoyo ya anthu kudzera m'madzi aukhondo". Akuti chimenechi sichingayezeke. Akufunanso tisiyanitse autiputi, autikamu ndi impakiti. Atipatsa masabata awiri.

Wapampando wakale: Chovuta n'chiyani pamenepa? Lembani kuti tikumba mjigo umodzi. Umodzi suwerengeka?

Alangizi a zaumoyo: Umawerengeka ndithu bambo, koma mjigowo ndi autiputi chabe, chinthu chimene ndalama zagula. Kumbukirani woyamba uja. Unakumbidwa, tinajambulitsa, lipoti linapita. Madzi ake atapezeka amchere, amayi anabwerera kumtsinje. Papepala ntchito inatheka, koma chidebe cha mayi aliyense chinkabwerabe ndi madzi omwe aja. Autikamu ndi zimene anthu ayamba kuchita chifukwa cha mjigowo: kodi akutunga pamenepo? Kodi ulendo wafupika?

Achimwene a kutauni: Woyambawo musautchule n'komwe. Ndalama zokonzetsera pampu tinasonkha zija zili kuti?

Msungichuma: Nthawi imeneyo buku silinali m'manja mwanga, achimwene. Funsani amene analisunga.

Wapampando wakale: Ngati mukunena ine, nenani poyera.

Mlembi: Chonde akuluakulu, fomu kaye.

Aphunzitsi: Ine ndamva. Ndiye tilembe chachikulu chenichenicho: matenda otsegula m'mimba kwa ana atsike ndi theka pa miyezi 6. Nambala ilipo, nthawi ilipo.

Alangizi a zaumoyo: Aphunzitsi, nambala ndi nthawi mwakhoza, koma mwalumphira pa impakiti, kusintha kwakukulu pa miyoyo ya anthu kumene kumaoneka pakapita nthawi yaitali, ndipo imeneyo sitingailonjeze. Mwana amatsegula m'mimba pa zifukwa zambiri: chimbudzi kulibe, m'manja mosasamba, kapena madzi abwino a pamjigo asungidwa mumtsuko wosavindikira, aliyense n'kumaviikamo kapu yake. Mjigo sukonza zonsezo. Chinanso, matendawa amachuluka nthawi ya mvula. Tikawerenga mu Januwale n'kudzawerenganso mu Julaye, adzaoneka kuti atsika ngakhale titapanda kukumba kanthu, ife n'kudzitama pachabe. Kufanizira kwabwino ndi Januwale uno ndi Januwale wa chaka chamawa. Komanso m'kaundula wa kuchipatala mumalowa ana a midzi yambiri, si athu okha. Pa impakiti tilembe kuti mjigo uthandizira kuchepetsa matendawo, ndipo tiziwatsatira kwa zaka zingapo. Theka lija tisalitchule.

Aphunzitsi: Koma wopereka ndalama amakopeka ndi zazikulu. Tikalemba zazing'ono atisiya.

Alangizi a zaumoyo: Akhoza kukopeka lero, koma lipoti lomaliza adzalemba ndani? Ine ndikanalemba chonchi. Autiputi: mjigo umodzi wogwira ntchito, madzi ake atayezedwa, ndi komiti yophunzitsidwa kukonza pampu. Autikamu: pakatha miyezi 6 mjigo utatsegulidwa, mabanja 40 mwa mabanja 50 a kutsidya azitunga madzi akumwa pamjigo, ndipo kupita, kudikira pamzere ndi kubwerera zisapitirire mphindi 30. Mphindi 30 sindinazipeke, ndi muyezo umene WHO ndi UNICEF amagwiritsa ntchito. Ndipo tiyambe tawerenga panopa, tisanakumbe. Tikapanda kudziwa kuti lero amatenga nthawi yaitali bwanji, tidzati yafupika poyerekeza ndi chiyani?

Azakhali: Mwanangu, ine mwendo wangawu mphindi 30 sindingakafike n'kubwerako. Ndiye mwandichotsa pa mndandanda?

Alangizi a zaumoyo: Ayi azakhali, palibe akuchotsedwa. Nambalayo ndi yoyezera ntchito yathu, si lamulo kwa otunga. Koma mwatikumbutsa chinthu: okalamba tiziwawerenga paokha, asabisike m'chiwerengero cha onse.

Msungichuma: Adzawerenga ndani? Mu bajeti mulibe zimenezo.

Alangizi a zaumoyo: Achinyamata awiri, kope ndi wotchi zikwanira. Kungofunsa khomo ndi khomo sikokwanira, chifukwa munthu ukamufunsa ngati amatunga pamjigo amavomera mwaulemu. Wina akhale pamjigo masiku atatu, wina kumtsinje, azilemba banja lililonse lobwera ndi nthawi imene ladikira pamzere.

Achimwene a kutauni: Ngati ndi mabanja 40 ndi mphindi 30, ndiye kuti mjigo sungakhale paja panasankhidwa kale. Pamene paja ali pafupi ndi mabanja 12 okha, ndipo tonse tikudziwa kuti ndi a ndani.

Wapampando wakale: Malo amasankha ndi akatswiri oyeza madzi pansi, osati inu muli kutali.

Achimwene a kutauni: Anayeza malo angati? Amodzi, amene munawalozera.

Alangizi a zaumoyo: Ngati madzi apezeka pokhapo, 40 ija sitingaifike, tiyenera kuitsitsa. Mlembi, kodi lipoti la oyezawo lilipo?

Mlembi: Silili mu failo imene ndinalandira.

Msungichuma: Mwaonatu. Monga buku lija.

Aphunzitsi: Ine ndikuonabe kuti theka la matenda lilembedwe penapake.

Mlembi: Ndiye pa nambala ya mabanja ndilembe 40 kapena ndisiye kaye?