Funso: kodi chikumbutso cha magawo apita chitalike bwanji?

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru kwa inu amene munalembapo nkhani yaitali ya m'magawomagawo. Ndakonza magawo 6 ofotokoza ulimi wa mtedza, kuyambira kusankha mbewu mpaka kuyanika ndi kusunga, ndipo ndikufuna kutulutsa gawo limodzi Lachisanu lililonse. Gawo lililonse lili ndi mawu pafupifupi 700.

Vuto landigwira pa chikumbutso choyambira gawo. M'gawo lachiwiri ndinangolemba ziganizo ziwiri, koma pofika gawo lachisanu, lokamba za kukumba mtedza, chikumbutso chafika mawu 200, moti mlamu wanga atachiwerenga pafoni anayasamula n'kundibwezera foniyo asanafike pa nkhani yeniyeni. Komabe amene angayambire pa gawoli sadzamvetsa chifukwa chimene mtedza wa CG7 umachedwa kukhwima kusiyana ndi Kakoma, pakuti ndinazifotokoza m'gawo loyamba. Kodi ndizikumbutsa za gawo lapitalo lokha, kapena ndizisankha mfundo zokhazo zimene gawo la tsikulo latsamirapo, ngakhale zitachokera kutali?

Chinanso ndi chiganizo chokopa cha kumapeto. Ndinalemba kuti, "Sabata yamawa tidzaona chimene chimachititsa chuku mu mtedza," koma ndikuopa kuti mlimi amene akuyanika mtedza wake panopa ndikhala ndamumana uphungu kwa masiku 7 pongofuna kuti adzabwerenso. Kodi ndiulule yankho mwachidule pomwepo, kuti asayanike pansi popanda choyala, n'kusiya tsatanetsatane wake ku gawo lotsatira? Inu munachita bwanji?