Kontirakiti ya masamba 46 yandizunguza mutu

Wobisa dzina: A admin musatchule dzina langa. Ndine mlembi wa gulu la alimi a mkaka cha ku Bvumbwe. Tinasainirana kontirakiti ya masamba 46 ndi kampani yotigulitsa chakudya cha ng'ombe. Atcheya akufuna kaundula pofika Loweruka, wosonyeza zoyenera kuchitika, liti, ndipo achite ndani. Chikhalirecho kosaina sanandiitane, anapita ndi asungichuma omwe ndi alamu awo. Ya fotokope ndinatulutsa ya m'thumba, mpaka pano kuli ziii. Ndiyambire pati?

Bambo a Tadala: Mwagwa nayo! Chakudya cha ng'ombe n'kusainira masamba 46? Gulani madeya musakanize nokha.

Anaphiri a ku Luchenza: Achimwene, tengani cholembera, chongani paliponse pamene alemba kuti wogula kapena wogulitsa ayenera kuchita chakuti. Chilichonse chikhale pamzere wakewake: nambala ya ndime, chochita, tsiku, mwini ntchito, ndi umboni woti zachitika. Ndime imodzi ikhoza kutulutsa mizere itatu. Masamba owonjezera akumapeto musawalumphe, mitengo ndi zilango zimakonda kubisala kumeneko. Koma kontirakitiyo inayamba liti, ikutha liti?

Bambo a Tadala: Mizere idyetsa ng'ombe, mayi? Ife kuno ku Chitakale anatibweretsera matumba achuku, tinalira tokha.

Anaphiri a ku Luchenza: Munadandaula patapita masiku angati? Nkhani yagona pomwepo. Ndime ikati dandaulo lifike pasanathe masiku 5 chilandirire katundu, simungalemberetu deti lake, chifukwa thiraki iliyonse imayambitsa masiku akeake. Mumalemba choyambitsacho, n'kumasunga pepala losaina potsitsa. Muonenso ngati ndi masiku ogwira ntchito. Katundu wa Lachisanu, kuwerenga kwina kukutha Lachitatu, kwina Lachisanu linalo.

Mphunzitsi wopuma: Pa mwini ntchito ingolembani kuti komiti, pasakhale kulozana zala.

Che Jafali: Ayi aphunzitsi, komiti siyankha foni. Alembe udindo ndi dzina la munthu mmodzi. Ngakhale ntchito ya kampaniyo ikhale ndi wanu woilondoloza. Ife yathu inadzionjezera yokha chaka china chifukwa aliyense ankati kalata yokana walemba mnzake.

Anaphiri a ku Luchenza: Zimenezo muziwerenga chobwerera. Ngati ikutha pa 31 Malichi 2027 ndipo akufuna kalata masiku 60 isanathe, tsiku lomaliza ndi 30 Januwale. Ilo likugwa Loweruka, ndiye m'kaundula ikani lanu la m'kati mwa Januwale. Muwerengenso ndime yonena za katumizidwe, mwina WhatsApp saiwerengera.

Bambo a Tadala: Alamu akewo ndi amene muwafufuze. Pali katapila apa!

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Deti loyambira sindikuliona, tsamba losainapo lili ndi atcheya. Nanga ya fotokope ija ndiilembe m'kaundula momwemo?

Che Jafali: Kkkk mwini ntchito: alamu.