Madola 120 apita, mauthenga 300, mapampu ogulidwa 6: ndalama ikuthera pati?

Wa Masola, Dedza boma: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndimayendetsa zotsatsa malonda pa Facebook za shopu ya amalume anga, timagulitsa mapampu a sola othirira m'madimba. Mwezi wathawu ndimaika madola 4 pa tsiku, onse pamodzi 120, ndipo munthu akadina amafikira pa WhatsApp yathu. Mauthenga anabwera 300, ndiye aliyense watidyera masenti 40, zooneka bwino ndithu pa kompyuta. Koma mapampu omwe tagulitsa kudzera njira imeneyi ndi 6 basi. Amalume akuti ndikuwotcha ndalama, ndipo ine zikundipweteka chifukwa ndine ndinawakakamiza kuti tiyese.

Usiku ndinalowa mu Ads Manager, tsamba la Facebook loyendetsera zotsatsa malonda, ndinadina Breakdown, yomwe imagawa zotsatira m'magulu, kenako Age. A zaka 18 mpaka 24 adya madola 48 n'kubweretsa mauthenga 160. A 25 mpaka 34 adya 36, mauthenga 90. A 35 mpaka 44 adya 21, mauthenga 35. Kuyambira 45 kupita m'mwamba adya 15, mauthenga 15 okha. Ndidule gulu liti?

Achimwene a ku Lizulu: Apa palibe chovuta mphwanga. Gawani nokha muone. Achinyamata uthenga umodzi ndi masenti 30, akuluakulu a 45 uthenga umodzi ndi dola yathunthu. Chotsani akuluakuluwo, madola 15 amenewo akanakupatsani mauthenga 50 kwa achinyamata.

Anaphiri: Achimwene, masamu mwawerenga bwino koma mwawerenga chinthu cholakwika. Mwanayu sakugulitsa mauthenga, akugulitsa mapampu. Wa Masola, anthu 6 anagulawo munawaona ndi maso? Anali a misinkhu yanji?

Wa Masola: Ndinawaona onse amayi, chifukwa timapita kukalumikiza tokha. Anayi ndi azibambo akuluakulu, awiri mwa iwo a ku Bembeke olima mbatatesi ndi kabichi. Awiri otsalawo ndi a zaka za m'ma 30. Wosakwana zaka 25 panalibe.

Anaphiri: Ndiye mwaona. Gulu lomwe ladya pafupifupi theka la bajeti silinagule ngakhale payipi imodzi, pomwe lomwe likuoneka lodula ndi lomwe lili ndi dimba komanso ndalama ya mbatatesi m'thumba. Sikuti Facebook yakuberani. Munaiuza kuti mukufuna mauthenga ambiri, nayo inapita kwa anthu omwe amatumiza uthenga mosavuta. Zoti wagula kapena sanagule siziona, chifukwa malonda amathera pa kauntala kapena pa Airtel Money ndi Mpamba.

Musanadule aliyense, bwererani pa Breakdown musankhe Country, kenako mutiuze malo munawaika bwanji.

Wa Masola: Ndinabaya chizindikiro pa Dedza boma n'kuika makilomita 40 kuzungulira. Dikirani ndione.

Mayo ine. Malawi madola 87, Mozambique madola 33.

Anaphiri: Ndimayembekezera zimenezo. Boda ili pafupi kwambiri ndi boma, ndiye mukajambula bwalo la makilomita 40, mbali yaikulu ikugwera ku Angonia. Facebook siima pa chipata kudinditsa pasipoti. Komanso anthu a kumeneko amalankhula chinenero chathu chomwechi, akaona chithunzi cha pampu cholembedwa m'Chichewa amadina ngati wina aliyense. A ku Ntcheu vuto lake ndi lomweli, mwinanso kuposa, poti msewu wa M1 malo ena ndiwo malire enieni.

Mutha kutsimikiza popanda kompyuta. Tsegulani WhatsApp muwerenge manambala oyamba ndi +258.

Nangozo wa Saluni: Pepani ndilowererepo. Inenso foni yanga ikumatha bandulo msanga ndikamaika mavidiyo a tsitsi pa tsamba langa. Ndi vuto la mtundu wa foni lomwe mukukambali?

Achimwene a ku Lizulu: Ayi achemwali, apa tikukamba manambala a anthu oona malondawo, osati foni yanu. Koma za ku Mozambiki ndikutsutsa pang'ono, Anaphiri. Ine pa Lizulu pano makasitomala anga ambiri a mbewu ndi mankhwala a m'dimba amawoloka msewu kuchokera tsidya linalo, ndipo amalipira pompopompo osatsika mtengo. Kuwatcha ndalama yotayika ndi kulakwa. Nawonso amalima mbatatesi, amathirira.

Wa Masola: Ndawerenga, zanditengera ola lathunthu. Manambala a +258 alipo 71. Palibe anagula. Awiri anafunsa mozama, mmodzi mpaka anatumiza chithunzi cha chitsime chake, koma anafuna tikamulumikizire kwawo. Amalume sangawolotse katundu ndi anyamata a ntchito pa boda chifukwa cha pampu imodzi, ndipo ikawonongeka tingakakonze bwanji?

Ndaonanso china chomwe chandikhumudwitsa. Mwa 229 otsalawo, 118 anangotumiza mawu aja amabwera okha:

```
Hello! Can I get more info on this?
```

Ndinawayankha onse, mtengo ndi zithunzi, koma zii.

Anaphiri: Achimwene akunena zoona pa malonda awo. Paketi ya mbewu munthu amaika m'thumba n'kuwoloka. Pampu imafuna kukalumikiza ndi kukonza, ndiye kwa inu madola 33 aja ndi otayika, pokhapokha amalume atasintha maganizo. Pa Locations ikani Mozambique pa Exclude, kapena siyani bwalo lalikululo mubaye timabwalo ting'onoting'ono komwe mumafikadi: Bembeke, Linthipe, Chimbiya, Lobi. Ngati pali kabokosi kolola Facebook kufikira anthu a kunja kwa malo mwasankhawo, kachotseni chizindikiro.

Pali chinanso pa nkhani ya malo. Masiku ano ukasankha dera, amatenga okhala kumeneko pamodzi ndi amene anali komweko posachedwa. Tangoganizani mabasi a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre omwe amadutsa pa Dedza tsiku lililonse, aliyense maso pa foni. Amenewo simungawachotse onse. Chomwe chimathandiza ndi mawu a pachithunzi: lembani poyera kuti mumalumikiza m'boma la Dedza lokha, ndipo mtengo uoneke. Wopanda dimba akaona mtengo amangodutsa osadina.

Za Region pa Breakdown paja musazikhulupirire kwambiri ngati za Country. Foni yoyendera bandulo nthawi zina imaoneka ngati ili mu mzinda waukulu pomwe mwini wake ali ku Mayani akupalira. Mukaona mzere wodabwitsa, funsani kaye anthu okulemberaniwo komwe ali musanadule.

Wa Masola: Nanga za mafoni? Pa Impression device ndapeza Android smartphone madola 110, iPhone madola 8, zotsalazo timasenti ta makompyuta ndi matabuleti.

Anaphiri: Pamenepo palibe nyama yambiri. Madola 8 a iPhone mutha kuwapulumutsa posankha Android yokha pansi pa Placements, koma si amene akukusaukitsani.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu: Pamalo pomwepo samalani. Ine ndimatsatsa makalasi a kompyuta, ndipo tsiku lina ndinachonga Only when connected to Wi-Fi poganiza kuti ndikuwachitira chifundo anthu asathe bandulo ndi vidiyo yanga. Masiku anayi ndalama sinkayenda n'komwe, ndipo ochepa omwe anaona anali a m'maofesi, oti kompyuta amaidziwa kale. Mlimi wa ku Bembeke Wi-Fi aipeza kuti?

Koma ndili ndi nkhawa ndi zomwe mukufuna kuchita ndi achinyamata. Kwathu bambo anga ali ndi kafoni ka mabatani. Chilichonse cha pa Facebook amauzidwa ndi mng'ono wanga wa zaka 21. Iye ndi amene angadine, n'kufunsa mtengo, kenako bambo n'kukwera njinga kupita ku shopu. Wa Masola, azibambo anayi anagulawo, mukutsimikiza kuti analemba okha uthenga?

Wa Masola: Aphunzitsi, mwandigwira pamenepo. Mmodzi wa ku Bembeke uja ndikukumbukira bwino, tikulumikiza mapanelo mwana wake wamkazi ndi amene anatulutsa foni kundionetsa zomwe tinakambirana. Enawo sindinafunse.

Anaphiri: Apo ndiye ndibweze mawu anga pang'ono. Breakdown imakuuzani msinkhu wa mwini akaunti, kabuku ka mu shopu kamakuuzani msinkhu wa wolipira, ndipo awiriwa angathe kukhala anthu osiyana a nyumba imodzi. Komanso anthu 6 ndi ochepa kwambiri kuti tiweruzire gulu lonse. Mmodzi kusuntha, chithunzi chonse chasintha.

Chitani chonchi kwa milungu iwiri. Pangani magulu awiri okha, la 18 mpaka 34 ndi la 35 kupita m'mwamba, lililonse madola 2 pa tsiku, chithunzi chimodzimodzi, malo amodzimodzi. Muzimitse Advantage+ audience, chifukwa ikakhala yoyaka zaka zomwe mwaika imazitenga ngati maganizo chabe, imatha kudumpha. Mawu obwera okha aja muwasinthe akhale a Chichewa ndipo asiyane: gulu loyamba "Ndiuzeni mtengo wa pampu", lachiwiri "Ndikufuna pampu ya m'dimba". Uthenga ukangofika mudziwa komwe wachokera.

Kenako aliyense mumufunse mafunso atatu: dimba lili kuti, madzi amatunga pa chitsime kapena mu mtsinje, ndipo pampuyo ndi ya iye mwini kapena akufunsira wina. Woyankha mumuike chizindikiro mu WhatsApp Business. Pamapeto gawani madola 28 a gulu lililonse ndi chiwerengero cha oyankhawo. Oterewa adzakhala ambiri kuposa ogula, ndiye mudzakhala ndi chogwira.

Achimwene a ku Lizulu: Bwanji osagawa kanayi monga zatulukira pa Age paja? Tingaone bwinobwino.

Anaphiri: Ndi madola 4 ayi. Gulu lililonse limafuna zotsatira pafupifupi 50 pa sabata kuti makina a Facebook akhazikike. Ngakhale pa magulu awiriwa, la akuluakulu silifika: pa mitengo ya mwezi watha, madola 36 anabweretsa mauthenga 50, ndiye madola 14 a sabata imodzi abweretsa pafupifupi 19. Muona palembedwa Learning limited, musachite mantha n'kuyamba kusinthasintha. Dziwaninso kuti mtengo wa akuluakulu utha kukwera mukawawonjezera ndalama, poti otchipa kuwapeza aja makina anawapeza kale.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu: Ine ndikuonabe kuti milungu iwiri ndi yochepa. Mlimi amafunsa lero n'kudzagula akagulitsa mbatatesi, mwina patatha mwezi. Ena mwa 300 aja akhoza kubwerabe.

Wa Masola: Mozambique ndaichotsa kale, ndipo mawa ndipanga magulu awiriwo. Madzulo ano ndiimbira azibambo atatu otsala aja ndiwafunse amene anaona malondawo koyamba. Koma ndinauza amalume za bambo wa chithunzi cha chitsime uja, ndipo m'malo mokana afunsa kuti ali mtunda wautali bwanji kuchokera pa boda. Achimwene a ku Lizulu, makasitomala anu a tsidya lija akagula katundu wamkulu amadutsa naye bwanji?