Funso: ± ya mu lipoti la kalorimita tiziipeza bwanji?

Aphunzitsi anzanga a sayansi, thandizeni kuno ku Salima.

Madzi ndi magalamu 100.0, sikelo imatha kuphonya ndi 0.1. Themometa ili ndi mizere ya digiri imodziimodzi, ndiye tikuti ±0.5. Madzi anali pa 28.0, atatenthedwa anafika 32.5, kusiyana kwake 4.5. Potsatira q = mcΔT, c ali 4.18, tikupeza majulo 1881.

Pavuta ndi pa ΔT, poti themometa yawerengedwa kawiri. Kuphatikiza 0.5 ndi 0.5 kukupereka ±1.0, yomwe ndi 22% ya 4.5, yankho nkukhala 1900 ± 400. Koma √(0.5² + 0.5²) ikupereka ±0.7, pafupifupi 16%, yankho 1900 ± 300. Za sikelo nzosadetsa nkhawa, ndi 0.1% chabe. Mu lipoti la kusekondale tigwiritse njira iti? Ine ndikuona kuti yachiwiriyi ndiyo yoyenera ngati kuphonya kuwiriko sikukudalirana, koma themometa ndi imodzi yomweyo.

Ana amakonda kukopera 1881 ± 295.6 momwe yatulukira pa kakyuleta. Tiziwachotsera malikisi?

Chinanso, mu Okutobala muno mulabu mumatentha kuposa madziwo, moti kapu yopanda chivundikiro imatha kukoka kutentha m'malo motaya. Kumeneku kumakankhira yankho mbali imodzi. Kulowe mu ±, kapena kufotokozedwe pakokha m'munsi mwa tebulo?