Mwana wanga analoweza mayankho onse koma walephera masamu

Mayi wofunsa: Ndithandizeni abale. Mwana wanga analoweza kabuku ka mayankho kwa miyezi iwiri, bambo ake osathandizapo ngakhale tsiku limodzi, ndipo lero akuti cholakwa ndi changa. M'kabukumo munali funso lakuti anthu 6 amamaliza ntchito m'masiku 10, nanga anthu 4 angaimalize m'masiku angati, yankho lake 15. Pamayeso panabwera manambala omwewo, 6, 10 ndi 4, iye analemba 15, koma aphunzitsi anachonga kuti walakwa. Kodi ndikadandaule?

Bambo wina: Pitani mawa lomwe, mayi! Aphunzitsi a masiku ano amachonga ali ndi tulo. Mukachulukitsa 6 ndi 10 mupeza 60, mukagawa ndi 4 mupeza 15, ndipo palibe angatsutse.

Mphunzitsi wopuma: Mayi, simunatiuze mawu a funso la pamayeso, ndipo nkhani yagona pamenepo. Kodi 4 ameneyo anali anthu kapena masiku?

Wophunzira wakale: Ine ndinaloweza zilembo zokha, kuti funso loyamba ndi C, lachiwiri ndi A. Tsiku la mayeso anasinthanitsa malo a mayankho, ndipo ndinasankha C wanga molimba mtima mpaka kulephera.

Bambo wina: Zimenezo ndi zanu, achimwene. Pano tikunena za mwana amene waberedwa malikisi.

Mayi wofunsa: Ndapeza pepala lija. Likuti: pakufunika anthu ena angati owonjezera kuti ntchitoyo ithe m'masiku 4?

Mphunzitsi wopuma: Ndiye kuti aphunzitsi sanalakwe. Chimene sichisintha m'mafunso onse awiri ndi kukula kwa ntchito, komwe ndi masiku 60 a munthu mmodzi. M'kabuku muja anagawa 60 ndi anthu 4 kuti apeze masiku, pamene pamayeso tikugawa 60 ndi masiku 4 kuti tipeze anthu, ndipo apezeka 15. Popeza 6 alipo kale, owonjezera ndi 9. Kabuku kamasunga nambala yomaliza yokha, osanena kuti nambalayo ikuwerenga chiyani, choncho mwanayo ataona manambala odziwika analeka kuwerenga funso. Mumuyese madzulo ano pomufunsa za anthu 12. Akayankha masiku 5, njira akuidziwa. Akayankha 20, ndiye kuti sanaone kuti anthu akachuluka masiku ayenera kuchepa.

Bambo wina: Komabe 15 ali m'njira yopezera 9, ndiye akanam'patsako theka la malikisi. Funso lotere ndi msampha chabe.

Mphunzitsi wopuma: Akanalemba 60 ÷ 4 papepala, ambiri akanam'patsa malikisi a njira. Kodi analemba zimenezo, mayi?

Mayi wofunsa: Pali 15 yekha, ndi mawu akuti "masiku" pambali pake. Nanga bambo ake ndiwauze chiyani?